Rauta yanga tsopano ili ndi pasiwedi yakeyake

Ntchito yokonza netiweki ya pakhomo ikupitirira. Mlungu uno ndinali pa khomo lolowera m'rauta mwenimwenimo, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba, pamene mwini wake amasinthira zinthu.

Rauta imakhala ndi mapasiwedi awiri, ndipo ambiri timangodziwa imodzi. Ya waifai ndi imene timapatsa alendo kuti alowe pa intaneti. Inayo ndi ya woyang'anira, yotsegulira tsamba la rautayo. Pa yanga inali idakali ya ku fakitale, yolembedwa pakapepala komata kunsi: dzina `admin`, pasiwedi `admin`. Ndiye kuti aliyense amene ndinamupatsapo waifai akanatha kulowa n'kusintha chilichonse. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi `DNS`, imene imauza foni kumene tsamba lililonse lili. Munthu akaisintha, iwe umalemba bwinobwino dzina la banki yako koma n'kufikira patsamba labodza, intaneti ikuyenda ngati palibe chachitika. Zoterezi si nthano ayi. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda zipangizo zambirimbiri, makamera ndi marauta omwe, pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60.

Ndinalumikiza kompyuta ndi waya osati waifai, chifukwa rauta ikadzizimitsa n'kuyakanso ntchito ili mkati, waya umagwira msanga. Kenako ndinafufuza adiresi yake. Pa Windows ndinatsegula `Command Prompt` n'kulemba:

```
ipconfig
```

Pamzere wa `Default Gateway` panatuluka `192.168.1.1`. Marauta ena amakhala pa `192.168.0.1`. Nambalayi imalembedwa pamwamba pa bulawuza pomwe timalemba adiresi ya tsamba, ndipo pamabwera malo a dzina ndi pasiwedi.

Posinthira pasiwedi ndinapapeza pansi pa `Administration`. Ena amapatcha `System` kapena `Management`. Inafuna yakale kaye, yatsopano kawiri. Ndinalumikiza mawu anayi osagwirizana n'kuthirapo manambala, zilembo zinapitirira 16, ndipo siikufanana n'komwe ndi ya waifai. Zikafanana, mlendo amene mwamupatsa imodzi mwamupatsa zonse. Yanga inalolanso kusintha dzina la `admin`, ndiye ndinalisintha. Marauta ambiri salola zimenezi, ndipo si zodandaulitsa ngati pasiwediyo ndi yaitali.

Pano pali msampha wofunika kuudziwa. Marauta ena ali ndi malire a kutalika kwa pasiwedi, ndipo ena amakana zizindikiro zina. Choncho nditadina `Save` sindinakhulupirire msanga. Ndinatuluka, n'kutsegula windo lachinsinsi la bulawuza kuti isandilembere yokha pasiwedi yakale imene inasunga. Ndinayesa `admin` ndi `admin`, inakana. Ndinayesa yatsopano, inatsegula. Pamenepo mtima unakhala m'malo. Ikakana zonse ziwiri, yambani mwaona ngati bulawuza sikukulowetserani yakale musanaganize zoti rauta yawonongeka.

Ndinatha nthawi yaitali pa `Remote Management`. Imeneyi ikayatsidwa, tsamba lolowerali limaonekera ku intaneti yonse, osati kwa a m'nyumba okha, ndipo pali makompyuta amene usiku ndi usana amangoyendayenda kufunafuna makomo otere. Ine sindisintha za rauta ndili kutali, choncho ndinaizimitsa. Poyesa ndinazimitsa waifai pafoni, n'kugwiritsa ntchito intaneti ya pafoni pomwepo, n'kulemba adiresi yakunja imene rauta imaonetsa pa `WAN IP`. Tsamba silinatseguke. Koma kuyesa kotereku sikunena zonse, chifukwa makampani ena a intaneti amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, moti tsambalo silingatseguke ngakhale chitseko chili chotsegula. Ndiye ndinabwereranso mkati kukaona ndi maso kuti palembedwadi `Disabled`.

`WPS`, njira yolumikizira chipangizo ku waifai ndi nambala kapena kabatani m'malo mwa pasiwedi, nayo ndinaizimitsa. Nambala yake ili ndi manambala 8, koma rauta imayang'ana theka loyamba palokha, lachiwiri palokha, ndipo yomalizayo ndi yongotsimikizira zinazo, moti kuyesa pafupifupi ka 11,000 n'kokwanira kuipeza. Chitetezo cha waifai ndinachisiya pa `WPA2` chifukwa makina anga osindikizira ndi akale, sadziwa `WPA3`.

Pasiwedi yatsopano ndailemba papepala n'kuisunga m'kabati, sindinaimate parauta. Ikaiwalika, njira imangotsala ya kabatani ka `Reset` kobisika m'kabowo kumbuyo. Umakadina ndi kawaya kwa masekondi pafupifupi 10, ndipo zonse zimafufutika: dzina la waifai, pasiwedi yake, nthawi zina ngakhale zimene kampani ya intaneti inaikamo kuti mulumikizike. Pasiwedi ya ku fakitale ija imabwereranso. N'chifukwa chake ndinadina `Backup` n'kusunga fayilo ya zonse ndakonzazi. Fayiloyo ndikuisamala chifukwa mumakhalanso mapasiwedi.

Zatsala ndi kuona ngati pali `Firmware` yatsopano, pulogalamu yoyendetsa rautayo, komanso kutsegula `Guest Network` kuti alendo azilowera kwawokwawo osafika patsamba la rauta.