Masiku anayi ndili pa -dzi-

Usiku wathawu ndang'amba masamba asanu ndi limodzi m'kope langa la mitengo ya ziganizo, zojambula zoonetsa momwe mawu amalumikizirana m'chiganizo, koma mtima wakhala pansi chifukwa pomwe ndinkalakwitsa ndapaona.

Ndinayamba ndi ziganizo ziwiri izi:

Mlenje akuti mwana anadzicheka.
Mlenje akuti mwana anamucheka.

M'choyambacho wochekedwa ndi mwana basi, -dzi- sangadumphe malire a nthambi yake kukagwira mlenje. M'chachiwiricho -mu- akhoza kukhala mlenje kapena munthu wina, koma osati mwanayo. Amenewa ndi malamulo A ndi B aja amene Chomsky anawayala mu 1981: wodzichitira monga -dzi- amangidwe, ndiko kuti apeze dzina lomwe akuimira, m'nthambi yake yomweyo, mlowam'malo monga -mu- akhale womasuka m'menemo. Ine ndinafupikitsa mwanga, ndikulemba pamwamba pa tsamba kuti -dzi- amatenga dzina lomwe lili pafupi naye kumanzere. Ziganizo zonse zomwe ndinayesa zinavomera.

Kenaka ndinalemba ichi: Mwana wa mlenje anadzicheka.

Dzina lapafupi ndi mlenje. Koma nenani chiganizochi mokweza, mumva nokha kuti magazi akutuluka pachala cha mwana. Ndinayesa kukonza kuti ndiye -dzi- amatenga dzina loyamba, koma chiganizo cha "mlenje akuti" chija chinakana nthawi yomweyo. Masiku anayi ndinkangowerenga mawu kuchokera kumanzere kupita kumanja, osadziwa kuti vuto ndi kuwerengako.

Chondimasula chinali mfundo ya c-command ya katswiri wa zinenero Tanya Reinhart, yomwe ndinkailoweza koma osaijambula. Ikani chala pa dzina, kwerani mpaka mphanda yoyamba ya mtengo, muone zomwe zili pansi pa mphandayo, chifukwa ndi zokhazo zomwe dzinalo lingamange. Mukayambira pa "mlenje", mphanda yoyamba ikadali m'kati mwa kapandamneni "mwana wa mlenje", mneni simumufika. Mukayambira pa kapandamneni yenseyo, yemwe mutu wake ndi mwana, mphanda yoyamba ndi chiganizo chonse, ndipo -dzi- ali pansi pake. Chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti umboni unabweranso mbali inayo: mu "Mwana wa mlenje anamucheka", -mu- akhoza kukhala mlenje bwinobwino, ngakhale ali m'nthambi imodzi, chifukwa mlenjeyo sakumumanga.

Izi zandikumbutsa chaka chatha pomwe ndinkasanja agwirizanitsi a magulu a mayina pamakhadi. Apo m'pamene ndinaona kuti -dzi- amakhala pampando womwewo wa -mu-, pafupi ndi tsinde la mneni, monga Sam Mchombo anafotokozera. Makhadi aja ndawatulutsanso, ndipo pensulo yofiira ndaisungira timalembo ta i ndi j tokha, tosonyeza ngati mawu akunena za munthu mmodzi kapena ayi.

Chomwe chikundidikira ndi "Mlenje ananola mpeni wake". Apa "wake" akhoza kukhala wa mlenje yemweyo kapena wa wina, ndiye ndiyenera kuonanso komwe ndikuika malire. Ndikathana nazo ndikufuna kulowa mu -an- wa "anachekana", kenaka ndijambule mitengo ya aneni onse ochititsa omwe ali m'kope lakale lija.