Kabayo ka mizere sikisi kanandidyera masana onse

Sabata yatha anandipatsa ntchito yokonza pulogalamu ya msonkhano wa alimi kuno ku Lilongwe, ndiye pamafunika kambiri kachidule ka mlendo wolemekezeka, kaja timati bayo. Ndinalemba kuchokera pa zomwe mayiwo ananditumizira pa WhatsApp, kanatuluka bwinobwino moti ndikanangothamangira nako kokapulintitsa m'tauni. Koma ndinati dikira kaye.

Ndinatenga bolopeni n'kudula mzere pansi pa chilichonse chomwe munthu angandifunse kuti wachitenga kuti: dzina, chaka, sukulu, udindo, nambala. Zoti ndi olimbikira ntchito ndinazisiya, palibe angakutengere kukhoti pa zimenezo.

Choyamba kugwidwa chinali sukulu. Ndinalemba kuti anatenga digiri ku LUANAR mu 2009, koma LUANAR inayamba kugwira ntchito mu 2012, mu 2009 kunali Bunda College pansi pa University of Malawi. Nditapempha chithunzi cha setifiketi chinabwera cholembedwa University of Malawi basi. Iwo sananame ayi, malo ake ndi omwewo, anangotchula dzina la lero. Ndinakonza kuti "Bunda College, yomwe pano ili pansi pa LUANAR". Aku Poly samalani pomwepa, MUBAS ndi ya 2021.

Kenako masamu. Bayo imati zaka 20 akugwira ntchito ndi alimi, pomwe ntchito yoyamba pa sivi yawo inali ya 2010. Kuwerenga ndi zala sizimafika, ndiye ndinangoika "kuyambira 2010", chaka sichikalamba ngakhale bayoyo wina aikope mtsogolo muno.

Povuta panali pa udindo, chifukwa ukufunsa munthu wamkulu ngati mpando ndi wakedi, nanga uyambira pati? Pena analemba `Director`, koma pansi pa imelo yawo panali `Acting Director`. Ndinaimba.

"Pepanitu amayi, tilembe kuti ndinu dairekitala kapena mukugwirizira?"

Anaseka. "Mwachita bwino kufunsa achimwene, ndikugwirizira chabe, kalata sinatuluke. Mabwana anga akakhala kutsogolo komweko."

Ndiye ganizirani emusi akuwerenga pa maiki kuti dairekitala, mabwanawo akuyang'anana.

Panatsala mawu oti "mayi woyamba kutsogolera nthambiyi" ndi "anathandiza alimi 10,000". Za alimiwo anandionetsa lipoti, koma nambalayo inali ya pulojekiti yonse osati iwo okha, tinasintha kuti anatsogolera pulojekiti yomwe inafikira alimi amenewo. Za woyambazo anati anthu amangonena choncho ku ofesi, pepala palibe, ndinachotsa ngakhale kanali kokoma.

Nditamaliza ndinawatumizira bayo yonse kuti ayankhe molemba kuti zili bwino, kuti mawa pasakhale zokanirana. Yankho linabwera cha m'ma 4, atakonzanso chilembo chimodzi pa dzina la bambo awo chomwe ine ndinachidumpha katatu konse.