Sabata ya mapepala ounikirana patebulo la tenisi

Pasukulu yathu ya sekondale pali matebulo awiri okha a tenisi ya patebulo, ndipo kalasi ya Fomu 2 ikalowa m'holo, mphunzitsi mmodzi sangathe kuona dzanja la wophunzira aliyense pamene akumenya mpira. Mpira wake ndi waung'ono, mamilimita 40 m'mimba mwake, wolemera magalamu 2.7, ndipo kumenya kumodzi kumatha munthu asanaphethire kawiri. N'chifukwa chake sabata ino ndinaipereka ku mapepala ounikirana, omwe wophunzira amagwira n'kuyang'ana m'mene mnzake akumenyera, kenako n'kumuuza zomwe waona. Luso lomwe tinali nalo linali limodzi basi, kumenya fohandi, kutanthauza kumenyera mbali ya dzanja lomwe lagwira bati.

Lolemba ndinalibe phunziro la m'holo, choncho ndinakhala pansi kulemba pepalalo. M'kabati ya zamasewera munali pepala lakale lomwe linkafunsa ngati wosewera waima bwino ndiponso ngati akumenya molondola, ndipo kutsogolo kwa funso lililonse kunali malo operekera malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Pepala lotere limathandiza munthu yekhayo amene akudziwa kale chomwe kuima bwino kuli, pomwe mwana amene wagwira bati kwa masabata ochepa sangasiyanitse 3 ndi 4, ndipo amangopereka malikisi malinga ndi m'mene amamukondera mnzakeyo. Ndinalemba latsopano la mizere inayi, ndipo mzere uliwonse ndinaufunsa funso limodzi: kodi ichi diso lingachione, munthu ataima malo amodzi? Mzere woyamba unali wa mapazi, kuti atalikirane kuposa mapewa, maondo apindike pang'ono, ndipo phazi la mbali ya dzanja lomenyera likhale chakumbuyo pang'ono. Ndinapewa dala kulemba kuti phazi lamanja, chifukwa m'kalasimo muli amanzere, ndipo wounika wokhulupirika ku pepala akanawalembera cholakwa pamene iwo aima molondola. Mzere wachiwiri unali wa chigongono, kuti pakati pa icho ndi nthiti pazitsala mpata wokwana chibakera. Wachitatu unali wa nthawi yomenyera, kuti bati ikumane ndi mpira utafika pamwamba penipeni pa kunjanja kwake, kutsogolo kwa thupi. Wachinayi unali wa pothera bati, kuti ikathere chapamphumi, osati kuseri kwa phewa linalo. Kutsogolo kwa mzere uliwonse ndinajambula timabokosi khumi, kabokosi kamodzi pa mpira umodzi, ndipo pansi ndinasiya mpata wolembapo chinthu chimodzi chomwe womenya akuchita kale ndi chimodzi choti akonze.

Lachiwiri tinali ndi mapiriyodi awiri otsatizana. Ndinagawa ophunzira m'magulu a anthu anayi: womenya, womupatsira mipira, wounika ndi wotola mipira, ndipo amasinthana maudindo akamaliza mizere yonse. Patebulo lililonse pamasewera magulu awiri mopingasana, pomwe ena onse amayeserera kugwedeza dzanja popanda mpira kapena kumenyera kukhoma, nawonso ali ndi owaunika. Tisanayambe ndinamenya ndekha mipira ingapo, ina molondola, ina ndikupanikiza dala chigongono kunthiti, kalasi yonse ikulemba pamapepala awo. Gawo limeneli limadya nthawi ndipo ana amakhala akuyabwa m'manja kufuna kusewera, koma sindilidumpha, chifukwa pepala lomwe anthu sanagwirizane tanthauzo lake limabweretsa mikangano yokhayokha.

Vuto loyamba linaonekera pasanathe mphindi zisanu, ndipo ndi lomwe limabwera nthawi zonse. Maso a ounika ankatsatira mpira. Ukagwera patebulo amachonga, ukagwera muneti kapena kunja amalemba mtanda, ngakhale pa mzere wa mapazi. Munthu ukhoza kulizindikira vutoli uli chapatali, pongoona mutu wa wounika: ngati ukutembenuka uku ndi uku, ndiye kuti akuonerera masewera, sakuunika. Ndinaimitsa onse, n'kusuntha ounika kuti aime cham'mbali mwa womenya, mbali ya dzanja lomenyera, pafupifupi mamita awiri kuchoka pa iye, pomwe mbali ina ya tebulo sioneka bwino. Ndinawauzanso kuti pa mipira khumi iliyonse aziyang'ana mzere umodzi wokha, ndipo mizere inayo aiphimbe ndi dzanja.

Pagulu lina panali mtsikana amene mipira yake yambiri inkauluka kudutsa tebulo, ina n'kupatukira kudzanja lake lamanja. Ine ndinaona msanga chomwe chinkachitika: ankaima chilili pafupi kwambiri ndi tebulo, mpira n'kumufika pambali pa chiuno usanamenyedwe, ndipo pofuna kuupulumutsa ankagadamitsa nkhope ya bati kuyang'ana kudenga. Chikhalirecho sindinamuuze iyeyo. Njira yophunzitsira imeneyi, yomwe katswiri wa maphunziro olimbitsa thupi Muska Mosston anaifotokoza m'zaka za m'ma 1960, ili ndi lamulo limodzi lomwe ndi lovuta kwa ife aphunzitsi, lakuti mphunzitsi azilankhula ndi wounika yekha. Ukangomukonza womenya mwachindunji, wounika amadziwa kuti pepala lake ndi chokongoletsera chabe, ndipo womenyayo samumveranso.

Ndinapita kwa mnyamata amene ankamuunika, ndipo ndinapeza kuti pa mzere wachitatu wachonga timabokosi tonse khumi. Nditamufunsa kuti mpira ukumakhala pati pamene bati ikuukhudza, anayankha kuti: “Aphunzitsi, ukuthamanga kwambiri, sindikuona pomwe akukumana.” Yankho limeneli linali loona, ndipo linandithandiza kuposa machongi aja. Ndinamuuza kuti asiye kusaka mpira m'malere, ayang'ane mchombo wa womenya ndi kumvetsera kulira kwa bati, kenako anene ngati pa nthawi ya kulirako bati inali kutsogolo kwa mchombo kapena pambali. Pa mipira khumi yotsatira anachonga itatu yokha. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana mnzakeyo, ndipo anati: “Iwe, ukuchedwa. Mpira ukumakupitirira, tabwerera m'mbuyo pang'ono uziukumana nawo kutsogolo.” Mtsikanayo anasuntha phazi limodzi m'mbuyo, ndipo popanda wina kutchula za nkhope ya bati, inayamba yokha kuweramira kutsogolo, chifukwa dzanja linali litapeza mpata. Mipira sinayambe kugwera patebulo yonse, ina inayamba kugwera muneti, koma uku ndi kulakwa kwa munthu amene wasintha chinachake ndipo akufunafuna muyeso watsopano.

Lachitatu ndinawerenga mapepala onse mu ofesi ya aphunzitsi. Sindiwawerenga pofuna kudziwa amene amamenya bwino, koma pofuna kudziwa amene amaona bwino. Pepala lomwe mizere yonse yachongedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi limandikayikitsa, makamaka pamene awiriwo ndi anzake a pa ponda apa m'pondepo, kapena pamene womenya ndi wamkulu msinkhu amene anzake amamuopa. Pali ana ena amene kwawo anaphunzitsidwa kuti kuloza cholakwa cha wamkulu ndi mwano, ndipo sindingawadzudzule chifukwa cha ulemu umenewo. Chomwe timabokosi khumi timachita n'chakuti timamuchotsera mwanayo udindo woweruza: sakunena kuti mnzake ndi wosatha, akungonena kuti chigongono chinatalikira nthiti kanayi pa mipira khumi. Ndinaonanso kuti mzere wa mapazi ndi wa pothera bati ounika ankagwirizana kwambiri ndi zomwe ine ndinaona, chifukwa zonsezi zimaima kanthawi diso n'kuzigwira, pomwe mzere wa nthawi yomenyera unali wosokonekera m'magulu ambiri. Ndinaulembanso ndi mawu omwe anathandiza mnyamata uja, kuti bati ikamalira ikhale kutsogolo kwa mchombo, ndipo pambali pake ndinajambula kamunthu kosonyeza malowo.

Tsiku lomwelo mphunzitsi mnzanga anafunsa ngati zotsatira za mapepalawa zidzalowe m'malikisi a kumapeto kwa teremu. Ndinakana, ndipo pamenepa sindisintha maganizo. Ana akangodziwa kuti machongi ndi malikisi, amayamba kubwezerana, wina kuchongera mnzake kuti nayenso adzamuchongere, ndipo pepala limasiya kunena zoona. Malikisi a teremu ndimapereka ndekha, ndipo gawo lina limapita ku luso la kuunika komweko.

Lachinayi ndinasintha magulu kuti anthu asaunikane ndi omwe anali nawo Lachiwiri, ndipo pa womenya mmodzi ndinaika ounika awiri oima mbali imodzi, osaonetsana mapepala mpaka mipira khumi itatha. Ngati manambala awo asiyana ndi kabokosi kamodzi kapena tiwiri, palibe nkhani. Koma pagulu lina mmodzi anachonga zisanu ndi zitatu, mnzake ziwiri, pa mzere wa pothera bati, ndipo atakambirana zinapezeka kuti woyambayo ankachonga bati ikangodutsa pamphumi, pomwe wachiwiri ankayang'ana pomwe yaimira, kuseri kwa phewa lamanzere. Wachiwiriyo ndiye anali wolondola, chifukwa bati yopitirira choncho imachedwa kubwerera ndipo mpira wotsatira umamupeza wosewera asanakonzeke. Ndinaona kuti kukambirana kumeneku kunawaphunzitsa fohandi kuposa kumenya kwenikweni kwa tsikulo. Chinthu chinanso chomwe chinaonekera bwino n'chakuti wopatsira mipira akamaponya mwachisawawa, wina wautali wina wamfupi, pepala lonse limaonongeka, popeza womenya amakhala akuthamangitsa mpira m'malo mobwereza luso limodzi. Kwa omwe sanathe kupatsira ndi bati, ndinalola kuti azinjanjitsa mpira ndi dzanja kulunjika pa kabwalo kojambulidwa ndi choko.

Lachisanu masana ndinayesa pepala lina laling'ono ndi ana a kalabu ya tenisi ya patebulo, lokhudza kuseva, komwe ndi kumenya koyambitsa mpira m'masewera. Apa ntchito inali yopepuka, chifukwa malamulo a masewerawa ndi ooneka kale ndi maso: mpira ukhale pachikhatho chotambasula, uponyedwe m'mwamba mowongoka masentimita osachepera 16, umenyedwe ukutsika, uli kuseri kwa mzere wakumapeto kwa tebulo, ndipo usabisike kwa wolandira. Palibe amene angayeze masentimita 16 m'malere, koma neti ndi yotalika masentimita 15.25, choncho ndinauza ounika kuti ayerekeze ndi netiyo, mpira uzikwera kuchoka pachikhatho kuposa kutalika kwake. Ambiri mwa ana omwe anaphunzirira masewerawa kumakomo amaseva mpira uli m'zala, osauponya n'komwe, ndipo mnzawo akawaonetsa timitanda khumi motsatizana amavomera msanga kuposa ine ndikawauza.

Mnyamata wina wa Fomu 4 anapempha kuti tiwonjezere mzere woona ngati seviyo ili ndi sipini, kuzungulira kwa mpira komwe kumaupotoza ukagunda bati ya wolandira. Ndinamuyankha kuti zimenezo pepala silingazigwire, chifukwa zimachokera ku kachitidwe ka pamfundo ya dzanja ndi kakhudzidwe kopyapyala ka labala wa pabati, zomwe woima pambali sangazione. Amene amadziwa za sipini ndi wolandira, poona komwe mpira wathawira utagunda bati yake. Tinagwirizana kuti sabata ya mawa wolandira azigwira bati yake chilili osaigwedeza, ndipo wounika azilemba komwe mpira wapita, kaya m'mwamba, muneti kapena cham'mbali.