Lachiwiri pa 15

Kalata ya a landilodi inafika Loweruka madzulo, itapindidwa kanayi, ndipo anabweretsa ndi mdzukulu wawo. Kwathu kuno ku Chilobwe kalata ya eni nyumba imakhala ndi nkhani imodzi yokha, yoti lendi yakwera, choncho ndinayamba ndakhala pansi ndisanatsegule. Koma ayi ndithu, inali ya denga lija takhala tikulitchera mabeseni dzinja lililonse. Inati:

"Bambo ndi mayi a nyumba ya kuseri, ndikukudziwitsani kuti tisintha malata a nyumba yonse mvula isanayambe. Ntchito iyamba Lachiwiri pa 15 Okutobala 2025, ndipo itenga masiku atatu, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Amisiri abwera atatu. Tiika malata 26 a geji 28 otalika mafiti 12, ndipo matabwa odyedwa ndi chiswe tiwachotsa. Pakhale munthu wamkulu pakhomo woti awatsegulire, apo ayi musiye kiyi kwa ine. Katundu musunthe m'chipinda chimene akugwiramo, zotsala mufunditse pulasitiki. Chilichonse chimene munapachika kapena kusunga kudenga muchotse. Magetsi azizimitsidwa pa switchi yaikulu nthawi ya ntchito. Ana asasewere pafupi ndi nyumba, ndipo aliyense azivala nsapato chifukwa cha misomali. Lendi sikwera. Ndine eni nyumba."

Kunena zoona inali kalata yabwino, makamaka mawu otsirizawo. Ndinawerenga kawiri, maso n'kugwira 15. Aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, holide, ndiye mumtima ndinawayamikira madalawo kuti asankha tsiku loti tonse tili pakhomo. Ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana kuti Lachiwiri madzulo ndikaweruka tidzasuntha katundu, Lachitatu amisiri adzapeze zonse zili m'malo. Mawu oti "Lachiwiri" a m'kalatamo tonse awiri tinangowalumpha.

Lachiwiri m'mawa, pa 14, mayi anaperekeza ana kusukulu, ine n'kulowa m'bafa. Bafa lathu lili kumapeto kwa nyumba ndipo lilibe siling'i, ukayang'ana m'mwamba umaonana ndi lata. Nditadzola sopo kumutu ndinamva kuti gugu! padenga. Ndinati ndi akhwangwala. Kenako kwee, kwee. Ndinati akhwangwala a masiku ano akunenepa. Ndiye mwadzidzidzi m'zikope munawala, msana n'kumva kutentha kwa dzuwa, ndipo china chake chinayamba kundiwaza thupi lonse. Linali fumbi la zaka zambiri, zitosi za makoswe ndi dothi la chiswe, zonse kukakamira pa sopo.

Nditatsegula diso limodzi ndinaona thambo la buluu, phiri la Soche cha uko, ndi nkhope ya mnyamata atanyamula lata.

"Mwadzuka bwanji, bwana?" anatero.

Mwana woleredwa bwino ameneyo. Ndinayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iye, uku ndikudzitchinga ndi chitini chotungira madzi. Anafuulira mkulu wake kuti, "Abwana, munotu muli munthu!" Mkuluyo ali pansi anafunsa kuti, "Wovala?" Mnyamata anandiyang'ananso kuti asaname, n'kuyankha kuti, "Ayi."

Thaulo linali kuchipinda. Chimene ndinapeza pachingwe cha m'bafa chinali chitenje cha mayi cha kumpingo, ndipo ndi chimenecho ndinatuluka nacho panja, ndili mbuu, kukafunsa amene wawatuma. Kalipentala wamkulu, bambo wa imvi, anati anagogoda pakhomo koma sanayankhidwe, ndiye poti ntchito yozula malata sifuna kiyi, anangoimika makwerero. Ndinawafunsa kuti nanga m'nyumba yonseyi bwanji ayambire kubafa. Anati malata sayambira paliponse. Poyala amayambira kumapeto kumene mphepo ya mvula imalowera, n'kumabwerera kumene imachokera, kuti lata lililonse lotsatira lizikhala pamwamba pa linzake ndipo mphepo isamakankhire madzi pamgwirizano. Panyumba yathu kumapeto kumeneko ndi kubafa. Poti iwo amasasula gawo lokhalo limene angathe kulifoleranso tsiku lomwelo, anayenera kuyambira komweko.

Chinandidabwitsa n'chakuti lata linachoka msanga chonchi. Anakwera n'kutsika ndi chidutswa cha thabwa limene malata a bafa anakhomedwapo, n'kulifinya ndi dzanja limodzi, lonse kuphwanyika ngati chigumu. Kunja limaoneka lamoyo, koma m'kati chiswe chinamaliza kalekale. Anati thabwa lotere umalidziwa poligogoda ndi hamala, limalira mopanda kanthu, kapena ukalibaya ndi msomali umangolowa wokha. Misomali ya lata lija sinazulidwe n'komwe, inangotsatira. "Chikhala kuti chizimalupsa chinabwera ndi mphepo," anatero, "denga ili likanakusiyani m'bafa momwemo popanda ife." Sindinadziwe ngati akufuna ndiwathokoze.

A landilodi anafika akupuma mwawefuwefu, ataitanidwa ndi mdzukulu uja amene anali ataonerera zonse pampanda. Ndinawatambasulira kalata.

"Bambo, apa mwalemba 15."

"Ndalembanso Lachiwiri, achimwene. Lero n'lachingati?"

"Lachiwiri, koma pa 14."

Anakana kwamtuwagalu, n'kutuma mwana kuti akatenge kalendala ya pabalaza pawo. Itabwera anandilozera ndi chala, 15 Okutobala, Lachiwiri. Zinalidi choncho. Kungoti pamwamba pake panalembedwa 2024. Anati kalendalayo sanaichotse chifukwa ili ndi chithunzi chokongola cha nyanja. Amisiriwo sanaone kalata, anangouzidwa pakamwa kuti Lachiwiri, ndipo Lachiwiri anabwera. Aliyense pamenepo anali wolondola, koma amene anavala chitenje ndinali ine ndekha.

Kubweza amisiri sikukanatheka, chifukwa mawa lake anali atalonjeza kukaona amayi awo ku Thyolo, ndipo malata anali atatsitsidwa kale pabwalo. Ndinaimba foni kuntchito n'kunena kuti kunyumba kwagwa zadzidzidzi, zomwe sizinali bodza. Ndisanavale n'komwe, kalipentala anati ndimuonetse switchi yaikulu. Nditazimitsa anaitana anyamata ake n'kuwalozera waya wochokera papholo la ESCOM, umene umafikira pakhoma la kutsogolo pansi penipeni pa denga. Anawauza kuti switchi yazimitsa za m'nyumba zokha, waya uwo udakali ndi moto mpaka pa mita, ndiye lata la mafiti 12 ukalitembenuza mosasamala n'kuukhudza kapena kuucheka ndi m'mphepete mwake, nkhani yathera pomwepo. Malata onse analamula kuti azikwera ndi kutsikira kuseri kwa nyumba, anthu awiri pa lata limodzi, ndipo mphepo ikalimba aziyamba aima. Mfundo imeneyi m'kalata munalibe, ndipo ine ndikuona kuti inali yofunika kuposa ya nsapato.

Katundu tinasuntha mothamanga mayi atabwerako, iwo akuseka mpaka misozi, aneba atawafotokozera kale kumsewu. Pulasitiki tinali tisanagule, choncho sofa tinaifunditsa makatani, ndipo fumbi linadutsa bwinobwino. Amene mukuyembekezera ntchito yotereyi, gulani pulasitiki yakuda ija ya pa mpukutu, nsalu sithandiza. Ufa, mbale ndi ndowa za madzi akumwa zituluke m'nyumba, chifukwa zogwa kudenga si fumbi lokha. Filiji tinangoisiya yotseka tsiku lonse, nyama n'kupulumuka poti magetsi ankayatsidwa madzulo.

Poti ndinali nditajomba kale, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaonerera, ndipo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake nyumbayi inkadontha. Amene anafolera poyamba anaphatikiza malata ndi mzere umodzi wokha kuti asunge ndalama, m'malo mwa mzere umodzi ndi theka, ndiye mvula ya mphepo inkangolowa pamgwirizano. Misomali ina anaikhoma m'ngalande ya lata, momwe mumayenda madzi, pamene malo ake ndi pamsana pa mzere. Pamsomali uliwonse wa m'ngalande panali dzimbiri ndi kabowo, ndipo pansi pa kabowo kalikonse ndi pamene ife tinkaika beseni. Malata akalewo analinso opyapyala kwambiri. Pa geji nambala ikamakwera lata limapyapyala, choncho 28 ndi yochindikala kuposa 30 kapena 32, ngakhale a landilodi poyamba ankaganiza kuti akagula 32 ndiye kuti agula zapamwamba. Anyamata aja poyenda padenga ankaponda pamzere wa misomali pokha, pomwe pansi pali thabwa. Matabwa atsopano anawapaka mankhwala akuda a chiswe asanawakweze, ndipo fungo lake linatigoneka mawindo ali otsegula, udzudzu n'kuchita phwando.

Madzulo a tsikulo mdzukulu anabweranso ndi kalata yachiwiri, ndipo iyi ndiye inalembedwa mwaukatswiri. Tsiku lililonse linali ndi dzina lake ndi deti lake: Lachitatu pa 15 kulibe ntchito, Lachinayi pa 16 zipinda zogona, Lachisanu pa 17 pabalaza ndi khonde. Inanena kuti amisiri asakwere makwerero asanaonane maso ndi maso ndi munthu wa m'nyumba n'kumva kuti mbali imeneyo mulibe aliyense. Inanena kuti gawo lililonse losasulidwa lizifoleredwa dzuwa lisanalowe, ndipo kukachita mitambo lona ali kwa eni nyumba. Panali nambala ya foni ya kalipentala, za waya wa magetsi zija, ndiponso kuti misomali izitoledwa madzulo aliwonse ana asanatulutsidwe. Pansi pake anasiya malo oti ndisaine kuti ndawerenga ndipo deti ndaliona pa foni, osati pakalendala.

Lachinayi ndinapita kuntchito, mayi n'kutsala ndi amisiri. Nditabwerako ndinapeza chipinda chathu chili ndi denga lonyezimira, mayi ali pakhonde akumwa tiyi wa mkaka, patebulo pali kachitini ka mkaka wa ufa kamene ndinkakadziwa bwino lomwe. Kankakhala pamwamba pa khoma la kuchipinda, kuseri kwa thabwa, pomwe munthu wamfupi safikira. Munali ndalama zanga zapadera, zimene boma la m'nyumba silinkazidziwa.

"Akalipentala apeza aka," anatero mayi. "Anthu okhulupirika kwabasi. Akuti kalata inanena kuti tichotse zonse zosunga kudenga. Ine ndawauza kuti ife kudenga sitisunga kanthu, kapena n'za amene ankakhala muno kale. Kapena mukukadziwa, bambo?"

Ndinakayang'ana kachitiniko, ndinawayang'ana mayi, n'kunena kuti sindinakaonepo chibadwire.

"Ndinadziwa," anatero. "Loweruka tikagule makatani atsopano, aja anathera pa sofa."