Pamsewu wa Stanegate: mmene tirigu ndi madinari zinkafikira asilikali a Roma ku Britain

Ndinatsika sitima ku Corbridge, kumpoto kwa England, m'mawa wa tsiku lina la mwezi wa Malichi, mvula yamawawa ikugwa. Anthu ambiri amapita kuderali kukaona khoma la Hadrian, mfumu ya Roma, limene linayamba kumangidwa m'chaka cha 122 ndipo linadula chilumba cha Britain kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, mtunda wa makilomita 117. Ine funso langa linali lapamimba. Ndinkafuna kudziwa chimene asilikali zikwizikwi olondera malire akutali chonchi a ufumu wa Roma ankadya, amene ankawabweretsera, ndiponso ndalama zimene zinkalipira zonsezo.

Corbridge, imene Aroma ankaitcha Coria, inali pamphambano. Msewu umene lero umatchedwa Dere Street unkachokera ku York kulowera ku Scotland, ndipo pano unkakumana ndi Stanegate, wopita kumadzulo ku Carlisle. Stanegate inkadutsa pakati penipeni pa tauniyo, ndipo mlendo amayenda pamiyala yake. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti msewuwo ndi wokwera kuposa makhomo a nyumba za m'mbali mwake, moti mizati ya kutsogolo kwa nkhokwe ili ngati yamira m'nthaka. Chifukwa chake ndi chakuti msewu ukakumbika ankathira miyala ina pamwamba pa yakale, kwa zaka mazana angapo, mpaka unakwera. Msewu wa Aroma suunali chinthu chomanga kamodzi ndi kuchiiwala. Ankaukweza pakati kuti madzi azitsikira m'ngalande za m'mbali, ndipo ngalandezo zikatsekeka, miyala ya pamwamba sinkachedwa kumira m'matope.

Pa nkhokwe ziwiri za ku Corbridge ndi pamene ndinakhalitsa. Aliyense amene anaonapo nkhokwe ya chimanga itakwezedwa pamiyala kapena pamafoloko angamvetse msanga nzeru yake, ngakhale kuti izi ndi zamiyala ndipo ndi zazitali ngati tchalitchi. Pansi pake anayala miyala yaphanthiphanthi pamwamba pa timakoma tatifupi, ndi kusiya mipata m'makoma akunja kuti mphepo izidutsa kunsi, chinyezi chisakwere m'tirigu. Kunja kwa makoma anaikako zochirikiza zochindikala, ndipo kukhomo kunali khonde lofolera potsitsira katundu kuti matumba asanyowe. Tirigu akanyowa amatentha yekha, amamera kapena kuchita nkhungu, ndipo anankafumbwe amachulukana. M'dziko la mvula ngati ili, nkhokwe yotayikira inali mdani woposa adani a kuseri kwa khoma.

Ndinayesa kuwerengetsa ndili pomwepo. Msilikali mmodzi ankalandira tirigu wochepera pang'ono kilogalamu imodzi patsiku, amene ankapera yekha pamphero ndi anzake ogona nawo chipinda chimodzi. Gulu la asilikali 500 linkadya motero matumba a makilogalamu 50 okwana asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi tsiku lililonse, ndiye kuti matumba pafupifupi 3,000 pachaka. Apa sitinawerengere barele wa akavalo, nyama, mchere, mowa, ngakhale mafuta a azitona amene ankachokera kum'mwera kwa Spain m'mitsuko ikuluikulu yadothi. Linga limodzi lokha linkafuna zimenezi, ndipo malinga a pakhomalo anali oposa khumi ndi asanu.

Tsiku lachiwiri ndinakwera basi ku Hexham, imene anaipatsa nambala AD122 pokumbukira chaka chija, kupita ku linga la Aroma la Vindolanda. Pafupi ndi lingalo, m'mbali mwa Stanegate, pali mwala wosonyeza mtunda umene udakali pamalo pamene Aroma anauimika. Mailosi awo anali mamita pafupifupi 1,480. Koma chuma cha Vindolanda ndi makalata. M'chaka cha 1973 wofukula zakale Robin Birley anapeza m'dothi lonyowa timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki m'Chilatini, ta zaka za pakati pa 90 ndi 120, khoma lisanamangidwe. Dothi lopanda mpweya ndi limene linatisunga. Tambiri tili ku British Museum ku London, ndipo tina timaonetsedwa ku Vindolanda komweko.

Kalata imene inandigwira mtima ndi ya munthu wotchedwa Octavius, yolembera Candidus. Octavius akunena kuti wagula ngala za mbewu zokwana miyeso pafupifupi 5,000. Muyeso umenewu, wotchedwa modius, unali malita osakwana asanu ndi anayi, choncho katunduyo anali malita oposa 40,000, asanapunthidwe. Anali atapereka kale chikole cha madinari, ndalama zasiliva za Aroma, pafupifupi 300, ndipo akupempha Candidus kuti amutumizire msanga madinari osachepera 500, apo ayi chikolecho chipita ndipo iye achita manyazi. Kuti tione kukula kwa ndalamazi, msilikali wa m'magulu a nzika za Roma pa nthawiyo ankalandira madinari 300 pachaka chonse, ndipo asilikali a mitundu ina, monga amene ankakhala ku Vindolanda, ankalandira zocheperapo. Munthu mmodzi anali ataika pachiswe malipiro a chaka chathunthu, podalira kuti mnzake amutumizira ndalama nthawi isanathe.

M'kalata yomweyo akutchula zikopa zimene zili ku Cataractonium, kumene lero ndi ku Catterick, pa Dere Street, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Vindolanda. Asilikali ankafuna zikopa zambiri za mahema, nsapato, zishango ndi zomangira akavalo. Octavius akuti akanapita kale kukazitenga, koma sanafune kupweteka ziweto pamene misewu ili yoipa. Mawu ake m'Chilatini ndi dum viae male sunt. Popeza akutchula munthu amene analonjeza kubwera pa 13 Januwale koma sanaoneke, ndiponso tsiku la 1 Malichi limene linali lisanafike, tikudziwa kuti ankalemba m'nyengo yozizira. Ndinawerenga mawuwa nsapato zanga zili matope okhaokha, ndipo ndinaseka ndekha, pakuti misewu imene timauzidwa kuti inali yodabwitsa dziko lonse, mwini ngolo ankaiopa monga mmene dalaivala wa lole amaopera msewu wafumbi m'dzinja. Ngolo ya ng'ombe imayenda makilomita 15 kapena 20 patsiku pamene kuli kouma, ndiye kuti ulendo wa ku Catterick unali wa pafupifupi sabata kupita kokha, ndipo ng'ombezo zinkafunanso kudya m'njira.

Kwa ine kalata imeneyi ikuonetsa kuti boma la Roma silinkanyamula lokha chilichonse kuchokera ku likulu. Linkatolera msonkho m'zigawo, wina wa ndalama, wina wa mbewu, kenako linkasula madinari asiliva, makamaka ku Roma, ndi kuwatumiza kumalire monga malipiro, amene kawirikawiri ankaperekedwa katatu pachaka. Msilikali sankalandira zonse m'manja. Chikalata china cha malipiro chopezeka ku Egypt, cha m'chaka cha 81, chikusonyeza kuti ankadula ndalama za chakudya, za nsapato, za zovala, ngakhale za phwando la pachaka, ndipo zotsala ankamusungira m'linga. Ndalama zodulidwazo ndi zimene zinkagula katundu kwa anthu ngati Octavius, iwo nkugula kwa alimi, alimiwo nkulipira nazo msonkho. Dinari inkazungulira chotero, ndipo pamene yachedwa panjira, tirigu nayenso ankachedwa.

Kuzungulira kumeneku kunkadalira kuti anthu aziikhulupirira ndalamayo. M'nthawi ya mfumu Augustus dinari inali siliva pafupifupi yekhayekha. Mfumu Nero inachepetsa siliva wake m'chaka cha 64, ndipo pofika nthawi ya mfumu Septimius Severus, amene anakweza malipiro a asilikali, pafupifupi theka lake linali mkuwa. M'zaka za m'ma 260 ndalama yaikulu yasiliva inali itatsala ndi siliva wosakwana magawo asanu pa zana, wongokutira pamwamba, moti ikangoyenda pang'ono m'manja mkuwa unkaonekera. Zotsatira zake zinali zakuti boma linayamba kudalira kwambiri kutenga mbewu, nyama ndi zovala mwachindunji kwa anthu ndi kulipira asilikali ndi katundu yemweyo.

Kutenga mbewu kwa anthu kunali ndi chinyengo chake kuyambira kale. Tacitus, wolemba mbiri wa ku Roma, polemba za apongozi ake Agricola amene analamulira Britain, anafotokoza kuti anthu ankakakamizidwa kugula tirigu m'nkhokwe za boma kuti akaperekenso kwa boma lomwelo, kapena ankauzidwa kukatula kumalinga akutali, kopanda misewu, kuti alipire chiphuphu chowamasula. Ku Chesters, linga lina la pakhomalo, m'nyumba yosungiramo zakale, ndinaona chidebe chamkuwa choyezera mbewu chimene chinapezeka ku Carvoran, cha m'nthawi ya mfumu Domitian. Zolembedwa pa icho zikuti chimalowa timiyeso 17 ndi theka, koma chikadzazidwa mpaka pamlomo chimalowa pafupifupi 20. Akatswiri ena amati chinali ndi chizindikiro m'kati chosonyeza polekezera, chimene chinathothoka, ndipo ena amati chinali chobera alimi. Ine, amene ndinaonapo ndowa zofutukuka pansi za ogula mbewu m'misika, mtima wanga unapendekera kwa achiwiriwa.

Ulendo ndinautsiriza ku South Shields, pamene mtsinje wa Tyne umathira m'nyanja. Linga la pamenepo, Arbeia, linasinthidwa cha m'ma 208, pamene Severus anabwera kudzamenya nkhondo ku Scotland, ndipo m'kati mwake anamangamo nkhokwe zamiyala zoposa 20, zondandalikana mizeremizere. Maziko ake akuonekabe pakati pa nyumba za anthu a lero. Malowa anasankhidwa chifukwa cha madzi. Chombo chimodzi chinkanyamula zimene ngolo zambirimbiri sizikanatha, pamtengo wotsika kwambiri, choncho tirigu wochuluka ankabwera panyanja, ndipo ngolo ndi nyulu zinkangomaliza chigawo chotsiriza. Severus anamwalira ku York m'chaka cha 211, ana ake anasiya nkhondoyo ndi kubwerera ku Roma, koma nkhokwe za Arbeia zinapitiriza kudyetsa asilikali a pakhoma. M'zaka zakumapeto kwa ulamuliro wa Aroma, gulu limene linkakhala m'lingali linali la opalasa mabwato a ku mtsinje wa Tigris, m'dziko limene lero ndi Iraq. Ndinaima pachipata chimene anachimanganso potengera chakale, ndi kuyang'ana kumathiriro a Tyne, kumene sitima yaikulu yonyamula katundu inali kulowa pang'onopang'ono.