Maola enieni a ulendo wa pandeke, wotchi zikamasiyana

Kuno ku Chipata nkhani ya kusiyana kwa nthawi sitikumana nayo kawirikawiri. Ukadutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe, wotchi suikhudza, chifukwa Zambia ndi Malawi onse ali pa UTC+2, kutanthauza kuti ali patsogolo ndi maola awiri pa nthawi imene dziko lonse limayezerapo. N'chifukwa chake phunziro lowerengera kutalika kwa ulendo wa pandeke landitengera maganizo. Pa tikiti, nthawi yonyamuka imakhala ya wotchi ya komwe ukuchokera, ndipo yofika imakhala ya wotchi ya komwe ukupita. Manambala awiriwo sangachotseredwe momwe alili.

Tiyerekeze kuti ndeke yanyamuka ku Lusaka Lolemba nthawi ya 21:35, ndipo yatera ku Dubai Lachiwiri nthawi ya 06:30. Munthu akangowerenga pa wotchi apeza maola 8 ndi mphindi 55. Koma Dubai ali pa UTC+4, patsogolo pathu ndi maola awiri, ndiye maola awiri mwa amenewo palibe anawakhala mundeke.

Njira imene ndaigwiritsitsa ndi yoyamba ndasandutsa nthawi iliyonse kukhala ya UTC, pamodzi ndi tsiku lake, kenako n'kuchotsera. Ku Lusaka timachotsa maola awiri, choncho 21:35 ikhala 19:35 Lolemba. Ku Dubai timachotsa anayi, ndipo 06:30 ikhala 02:30 Lachiwiri. Kuchokera 19:35 kufika pakati pa usiku pali maola 4 ndi mphindi 25. Tikaphatikiza maola 2 ndi mphindi 30 a Lachiwiri, tipeza maola 6 ndi mphindi 55. Ndiwo ulendo weniweni. Oyendetsa ndeke amagwiritsa ntchito UTC yomweyi, ndipo mukaona nthawi yolembedwa ngati 1935Z, chilembo Z chikunena zimenezo.

Pobwerera, cholakwa chija chimatembenuka. Tinene kuti ndeke yachoka ku Dubai 09:25 n'kufika ku Lusaka 14:35 tsiku lomwelo. Pa wotchi zikuoneka ngati maola 5 ndi mphindi 10, pomwe mu UTC yanyamuka 05:25 n'kutera 12:35, omwe ndi maola 7 ndi mphindi 10. Apa m'pamene munthu angadzigwire yekha. Mphepo imasiyanitsa ulendo wopita ndi wobwerera, inde, koma mukapeza kuti njira yomweyo yatenga pafupifupi maola 9 popita ndi 5 okha pobwera, dziwani kuti nthawi sizinasandutsidwe. Kusiyana kwa wotchi kwalowa kawiri, kuwonjezera kwina n'kuchotsa kwina.

Kakang'ono koma kopweteka ndi mphindi. Ola lili ndi mphindi 60, pomwe kakyuleta imawerenga m'magulu a 100, ndiye mukalemba 14.35 kuchotsa 9.45 ikupatsani 4.90, pomwe yankho ndi maola 4 ndi mphindi 50. Ndi bwino kusandutsa zonse kukhala mphindi, kapena kuwerenga mpaka ola lathunthu kaye. Izi zimafunika kwambiri ku India, komwe nthawi ndi UTC+5:30.

Chimene ndachiona chovuta kuposa zonse n'chakuti mzinda umodzi ukhoza kukhala ndi manambala awiri pa chaka. Ife sitisintha wotchi, koma ku London amasintha. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi amakhala pa UTC+1, ndipo Lamlungu lomaliza la Okutobala amabwerera pa UTC+0. Mu 2025 kubwererako kunachitika pa 26 Okutobala. Ndiye taonani: munthu wanyamuka ku London Loweruka pa 25 Okutobala nthawi ya 20:00, wasintha ndeke panjira, wafika ku Lusaka mawa lake 13:00. Pomwe ankanyamuka London anali akadali pa UTC+1, choncho inali 19:00 UTC. Kufika kwake ndi 11:00 UTC, ndipo ulendo wonse ndi maola 16. Wina woyenda Loweruka lotsatira, pa manambala omwewo a pa wotchi, wanyamuka 20:00 UTC ndipo wayenda maola 15. Choncho sikokwanira kufunsa kuti London imasiyana bwanji ndi Lusaka. Funso liyenera kukhala la tsiku ndi ola lenileni limene nthawiyo inalembedwa, ndipo kuyang'ana pa foni lero kumangokuuzani kusiyana kwa lero.

Usiku wosintha wotchiwo uli ndi vuto linanso. Nthawi ikafika 02:00 amaibweza pa 01:00, ndiye 01:30 imachitika kawiri. Ngati wolemba anangolemba 01:30 osaonjezera +01:00 kapena +00:00, palibe masamu amene angakuuzeni kuti ndi iti mwa ziwirizo, ndipo yankho likhoza kuphonya ndi ola lathunthu. Ine tsopano ndikamalemba nthawi m'kope ndimalemba chaka, mwezi, tsiku, ola ndi nambala yake ya UTC pamzere umodzi, motere: 2025-10-25 20:00 +01:00.