Zitenje za pa WhatsApp zitandifikitsa kwa a msonkho kuno ku Mangalande

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ndipo msonkho wanga amadula pa malipiro ndisanawaone n'komwe. Choncho kwa zaka zambiri dzina loti HMRC, bungwe lotolera msonkho kuno ku Britain, ndinkangoliona pa kapepala ka malipiro basi. Zinasintha chifukwa cha zitenje.

Poyamba ndinkagulitsa zovala zimene zawathina ana anga. Ndinkaziika pa Vinted, msika wa pa intaneti wogulitsirapo zovala zakale, jekete ya £6, nsapato za £4, ndalama n'kumagulira zina zokulirapo. Zimenezi si bizinesi, ngakhale mutagulitsa zovala zodzaza chikwama. Munazigula kuti ana avale, ndipo mukuzigulitsa motchipa kuposa mmene munagulira. Palibe msonkho pamenepo. Katundu wa m'nyumba amayamba kukhala nkhani ina ngati chinthu chimodzi mwachigulitsa pa £6,000 kapena kuposa, ndipo m'nyumba mwanga mulibe chotero.

Mu Disembala 2023 ndinapita kumudzi, pobwera ndinatenga zitenje 30. Ndinazijambula n'kuziika pa WhatsApp, ndipo amayi a kutchalitchi anazilimbirana pa £18 chimodzi. Zinatha m'masabata awiri, ndinapeza £540. Apa m'pamene panali posinthira, ngakhale ine sindinazindikire. Zitenje zija sindinagule kuti ndivale, ndinagula kuti ndigulitse. A msonkho akafuna kudziwa ngati munthu ali pa malonda amayang'ana zinthu ngati zomwezi: munagula ndi cholinga chopezapo phindu? Mukuchita mobwerezabwereza? Katunduyo mumamusunga nthawi yaitali kapena amangodutsa m'manja? Mukuitanira makasitomala? Palibe funso limodzi lomwe limagamula lokha, amaziona zonse pamodzi. Kwa ine mayankho onse ankaloza kumodzi. Kusakhala ndi shopu kapena dzina la bizinesi sikusintha kanthu.

Chaka chimenecho ndinapulumuka chifukwa cha lamulo limene linayamba mu 2017, loti ndalama za malonda zosapitirira £1,000 pa chaka sizikhomeredwa msonkho, ndipo simufunikanso kukalembetsa. Koma pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaphonya. Choyamba, £1,000 imeneyo ndi ndalama zonse zimene makasitomala akupatsani, musanachotse mpamba kapena thiransipoti. Si phindu ayi. Chachiwiri, chaka cha msonkho kuno sichiyamba mu Januwale. Chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Ndipo ngati muli ndi timalonda tiwiri, mwachitsanzo zitenje ndi kuluka tsitsi Loweruka, ndalamazo zimaphatikizidwa. Malire ndi amodzi pa munthu.

Itafika Epulo 2024 ndinali nditalawa kale kukoma kwa geni. Ndinayamba kutumiza ndalama kwa achemwali anga ku Lilongwe, iwo n'kumandipikulira zitenje ndi kuzitumiza. Ndinatsegula tsamba pa Facebook, oda inayamba kubwera kuchokera ku Manchester, ku Nottingham, mpaka ku Glasgow, makamaka pakakhala chinkhoswe kapena maliro pamene anthu akufuna yunifolomu. Pofika mu Julaye ndinali nditadutsa £1,000 osadziwa.

Anandidzutsa ndi mayi wina wa m'gulu lathu la chipereganyu. Iwo anali atamva kuti tsopano munthu ukagulitsa zinthu 30 pa intaneti ndiye kuti wakodwa mumsonkho, ndipo anali ndi mantha chifukwa cha zovala za ana awo. Nditafufuza ndinapeza kuti mantha anali pa munthu wolakwika. Zoona zake n'zakuti kuyambira pa 1 Januwale 2024, misika ya pa intaneti monga Vinted, eBay ndi Etsy imayenera kutumiza ku HMRC mbiri ya ogulitsa amene agulitsa kokwana 30 kapena apeza ndalama zoposa mayuro 2,000 pa chaka. Kumeneko n'kungopereka lipoti, si msonkho watsopano. Mayi aja analibe mlandu ngakhale dzina lawo litatumizidwa. Ine, amene ndinkalandira ndalama m'manja ndi kubanki popanda msika wondilembera lipoti, ndine amene lamulo linkandikhudza. Udindo wodziulula ndi wa wogulitsa, kaya wina wamunenera kapena ayi.

Kulembetsa sikunandivute. Tsiku lomaliza ndi 5 Okutobala wotsatira kutha kwa chaka cha msonkho, choncho pa malonda a 2024 mpaka 2025 ndinali ndi nthawi mpaka pa 5 Okutobala 2025. Ndinalowa pa GOV.UK, ndinatsegula akaunti ya Government Gateway, n'kulembetsa Self Assessment, njira imene munthu amadzaza yekha fomu ya msonkho chaka ndi chaka, ngati munthu wodzilemba yekha ntchito. Anandifunsa nambala ya National Insurance, mtundu wa malonda, ndi tsiku limene ndinayamba. Patapita masiku ndinalandira UTR, nambala ya manambala khumi imene mumaigwiritsa ntchito chaka chilichonse. Apa ndichenjeze abale amene ali pa viza: musanalembetse, ngakhalenso musanayambe geniyo, werengani zimene viza yanu imalola. Ya ophunzira siyilola kudzilemba ntchito, ndipo ya ntchito ili ndi malire ake. Ine ndinali nditapeza kale chilolezo chokhazikika.

Chimene chinanditulutsa thukuta ndi kaundula. Miyezi inayi yoyamba sindinalembe kalikonse. Ndalama za zitenje zinkalowa mu akaunti yomweyo imene mumalowa malipiro, za chipereganyu, ndi zimene anzanga ankandipatsira kuti ndiwatumizire kumudzi. Ndinakhala madzulo atatu ndi sitetimenti ya kubanki kudzanja lino, foni kudzanja linalo, kufananiza dzina ndi dzina. £36 iyi ndi zitenje ziwiri kapena ndi chopereka cha maliro? Ndinkachita kubwerera m'mauthenga a pa WhatsApp kuti ndipeze. Mwayi wake sindifufuta mauthenga. Za m'manja ndiye zinavuta koposa, chifukwa zina ndinali nditagulira kale ndiwo. Zinandithandiza ndi zithunzi za katundu: ndinkadziwa kuti mtolo wakuti munali zingati, ndiye zosowa pa sitetimenti zinali zogulitsidwa pamanja.

Kuchokera pamenepo ndinatsegula akaunti ina ya zitenje zokha, ndipo ndinagula kope. Kumanzere ndimalemba zolowa: tsiku, wogula, zitenje zingati, ndalama zingati, walipira bwanji. Kumanja zotuluka. Ndimalemba tsiku limene ndalama yalowadi kapena yatulukadi, osati tsiku limene munthu walonjeza. Njira imeneyi ndi imene a msonkho amayembekeza kwa ogulitsa ang'onoang'ono kuyambira chaka cha 2024 mpaka 2025, pokhapokha mutasankha ina. Ubwino wake ndi woti wangongole amene wakuzembani simumukhomera msonkho, poti ndalama yake simunaione. Ngati wogula walipira £18 ya chitenje ndi £3 ya positi, ndimalemba £21 yonse ku zolowa, ndipo ya positi ndimailembanso ku zotuluka ndikakalipira.

Vuto lathu ife opikula kumudzi ndi malisiti. Pamsika sapereka lisiti, ndipo mtengo uli m'makwacha. Ine ndimasunga zinthu zitatu pa mtolo uliwonse: umboni wa ndalama zimene ndatumiza, umene umaonetsa mapaundi amene atuluka ndi makwacha amene afika, chithunzi cha pepala limene achemwali amalembapo kuchuluka ndi mtengo, ndi chithunzi cha katunduyo. Ndipo ndalama ya zitenje sindiitumizanso pamodzi ndi ya fetereza kapena fizi. Ndinkatero kale pofuna kupulumutsa ndalama yotumizira, koma pambuyo pake simungalekanitse. Ya fetereza si ya bizinesi, ngakhale ipite kwa munthu yemweyo.

Chaka chitatha pa 5 Epulo 2025, masamu anali otere. Zonse zimene makasitomala anandipatsa zinakwana £3,420. Ndinapikula zitenje 200 pa mtengo wofanana ndi £7 chimodzi, koma zinayi ndinasoketsa madiresi anga ndi a mwana wanga, ndiye zimenezo sindinaziwerengere. Zotsala 196 zinandidyera £1,372. Kutumiza kuchokera kumudzi pamodzi ndi za pakasitomu £310, positi ya kuno £245, mapepala okutira £40. Maulendo okapereka katundu pa galimoto yanga anakwana mamailosi 120, ndipo pa mtengo wololedwa chaka chimenecho wa mapeni 45 pa mailo inakwana £54. Maulendowa ndinkalemba tsiku ndi kopita, apo ayi sindikanawawerengera. Zotuluka zonse £2,021. Tikiti ya ndege yopita kumudzi sindinaiyese n'komwe: ulendo wokaona amayi sungasanduke wa bizinesi chifukwa choti mwabwerako ndi zitenje.

Apa pali kusankha. Mutha kuchotsa £1,000 ija pa zolowa osawerengera china chilichonse, kapena kuchotsa zotuluka zenizeni. Zonse ziwiri ayi. Ndikanasankha £1,000, msonkho ukanawerengedwa pa £2,420. Pochotsa zotuluka zenizeni, phindu linali £1,399. Popeza malipiro a kuntchito anadya kale gawo langa losakhomera msonkho la £12,570, phindu lonseli linakhomeredwa pa 20 peresenti, kutanthauza £279.80. Njira ina ija ikanandilipiritsa £484. Kope la £2 linandisungira £204. Kwa mnzanga woluka tsitsi, amene sagula katundu wambiri, £1,000 ija ndiyo imamukomera. Za National Insurance ya odzilemba ntchito sizinandikhudze, poti phindu silinafike £12,570.

Fomu ndinadzaza pa intaneti mu Novembala, P60 ya kuntchito, chikalata chosonyeza malipiro ndi msonkho wa chaka chonse, ili pambali, chifukwa fomuyo imafunsanso malipiro ndi msonkho umene anadula kale. Pa malonda ang'ono ngati anga, zotuluka mutha kuziika ngati nambala imodzi, ndipo malisiti simutumiza. Mumangosunga kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pa 31 Januwale, lomwe ndi tsiku lomaliza kupereka fomu ndi kulipira. Mukachedwa ndi fomu, chindapusa chimayambira pa £100 ngakhale mutakhala kuti mulibe msonkho woti mulipire. Amene wapereka pofika pa 30 Disembala ndipo ngongole yake siyifika £3,000 atha kupempha kuti azimudula pang'onopang'ono pa malipiro. Ine ndinalipira kamodzi, poti kuyambira Julaye uja ndinkapatula £2 pa chitenje chilichonse.

Malisiti a kupositi amafufutika msanga, pakatha miyezi ingapo pamangotsala pepala loyera, choncho ndimawajambula tsiku lomwelo ndisanawaponye m'chitini cha mabisiketi. Zovala za ana ndikugulitsabe pa Vinted, koma m'kope sizilowa, ndipo ndalama yake imapita ku akaunti yakale ija.